Zimitsani Kamera, Achimwene

Ku Dambe netiweki ili ndi khalidwe la mbuzi, imagona pomwe yafuna. Pakhomo pa a Laimoni inasankha kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa nachesi, ndipo ukangosuntha pang'ono kulowera kukhola inkakusiya ukulankhula wekha. Ndiye Lamulungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi, Tisungeni ankawagwira bambo akewo m'khwapa, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka pa mpando wa ndalema womwe unali pansi pa mtengowo. Akawakhazika ankawafunditsa chitenje m'miyendo, chifukwa mphepo ya kumapiri kuno sidziwa kuti uyu ndi wodwala.

A Laimoni anagwa m'munda wa mbatatesi chaka chathachi. Atadzuka kuchipatala, mbali ya kumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu atapita. Makutu okha anali atayamba kale kuwathawa, poti unyamata wawo wonse anathera m'chigayo, ndipo phokoso la chigayo silimusiya munthu bwinobwino. Pofuna kuwauza kanthu unkayenera kuima kutsogolo kwawo kuti aone milomo yako. Ukalankhulira kumbuyo, unali kungodzitopetsa.

Foniyo anatumiza ndi Sosten, mchimwene wake wa Tisungeni, yemwe ankatsuka magalimoto ku Joni. Bandulo ya mwezi ankagulanso ndi iye. "Imeneyi ndi ya Bambo," anatero tsiku loyamba. "Ndizionana nawo Lamulungu lililonse." Ndipo ankaonanadi. Nkhope ya Sosten ikatulukira pafoni, diso la a Laimoni linkawala, dzanja lamoyo lija n'kumamenya pa bondo. Sosten ankalankhula mokokera, akutsegula pakamwa ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani, bambo ake n'kumagwedeza mutu. Ankawaonetsa chipinda chake, nsapato zake zatsopano, ngakhale mphika wa nyemba. Tsiku limenelo phala linkatha m'mbale popanda kuwanyengerera.

Vuto linali lakuti bandulo sinkafika kumapeto kwa mwezi. Mwezi ukangopinda pakati, uthenga unkalowa woti data yatha, Tisungeni n'kumalumbira kuti foniyo ili ndi mfiti.

Mfitiyo anaigwira ndi Jeffrey, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Kasungu, yemwe ankabwera kudzawayeza magazi a Laimoni. Anatenga foni ija, n'kuipenda mwachifatse.

"Muli m'magulu angati a WhatsApp?" anafunsa Jeffrey.

"La kwaya, la banki m'khonde, la anzanga akusekondale. Basi."

"Basi, eti? Taonani apa. Vidiyo iliyonse yomwe munthu waponya m'magulu amenewa foni yanu ikumaikokera yokha, inu muli kumunda. Maukwati a anthu osawadziwa, abusa a ku Nigeria, zonsezi mukulipira ndinu."

Anatseka zoti zithunzi ndi mavidiyo zizilowa zokha. Analetsa mapulogalamu kudzikonza okha pa data ya bandulo. Kenako analowa mkati mwa WhatsApp n'kuyatsa pamalo pomwe amati poyimbirana foni izidya data yochepa. "Nkhope izioneka yofuwirirako pang'ono, koma bandulo izikhalitsa. Ndipo mukamaliza kuyimba muzitseka data, musamaisiye ili yasa ngati chitseko cha bala."

Mwezi umenewo bandulo inafika kumapeto, n'kutsalako. Magazi a a Laimoni nawo anayamba kuyezedwa pafupipafupi kuposa a munthu wina aliyense m'mudzimo, mpaka amayi a pachitsime anayamba kufunsana ngati nkhalambayo yafika pa kayakaya. Sinali nkhalamba ayi. Anali Jeffrey amene anali pa kayakaya.

Tisanamuweruze Tisungeni, tinene zoona. Anzake onse anali pa mabanja, ena ali m'tauni. Iye kuyambira tsiku lomwe bambo ake anagwa, moyo wake unali kusambitsa, kutembenuza, kuchapa zofunda zonyowa ndi kudyetsa munthu wamkulu ndi sipuni. Amayi ake anamwalira kalekale, ndipo achibale ankabwera ndi mapemphero okha, n'kubwerera manja ali oyera. Ndiye munthu atabwera n'kumufunsa kuti, "Nanga inuyo mwadya?" mtima wake unangoti phwa. Palibe anali atamufunsa funso limenelo.

Chikondi chitangoyamba kumera, Jeffrey anasamutsidwira ku Chifunga. Pa mapu ndi boma limodzi, koma wodziwa msewu wotsika ku Dambe nthawi ya mvula akuuzani kuti ndi dziko lina. Chotsala chinali foni. Madzulo dzuwa likamapendeka, bambo ake atawagoneka, Tisungeni ankakaima pansi pa nachesi n'kumaonana ndi Jeffrey. Bandulo ija inayambanso kufa mwezi uli pakati, ndipo ulendo uno mfiti yake ankaidziwa.

Tsiku lina anadandaula, Jeffrey n'kuseka. "Ndiye tizingolankhula osaonana, Tisu. Mawu okha sadya zambiri, vidiyo ndiyo ili ndi mimba. Kapena mmodzi azizimitsa kamera. Chithunzi chako chikamabwera kuno chimadya bandulo yako, changa chikamapita uko chimadyanso yako yomweyo. Wina akazimitsa, mbali imodzi yapuma. Ndizimitse yanga?"

"Ayi," anayankha msanga Tisungeni. "Yanuyo ayi."

Jeffrey ananena zimenezi ndi mtima woyera, n'kuiwala. Koma mawuwo anakhala m'mutu mwa Tisungeni sabata yonse. Lamulungu litafika, asanawapatse bambo ake foni, anayamba walankhula ndi mchimwene wake.

"Achimwene, bandulo sikufikanso. Akuti chithunzi chanu chikamabwera kuno chimadya kwambiri. Bwanji muzizimitsa kamera yanu? Inu muziwaona Bambo, iwo azikumvani."

"Zoona? Ndiye palibe vuto, mlongo wanga. Bola ndiziwaona."

Tisungeni sanali kunama. Chilichonse chomwe ananena chinali choona, kupatula mawu awiri omalizira, ndipo ankadziwa. Sosten anachoka bambo ake akumvabe ukakuwa, ndipo miyezi yonseyi ankaganiza kuti akugwedeza mutu chifukwa cha mawu ake. Wodziwa kuti makutu aja anatsekeka kotheratu anali Tisungeni yekha, yemwe ankachita kugwada kutsogolo kwawo pongofuna kufunsa ngati akufuna madzi.

Kamera itazimitsidwa, pafoni panatsala chithunzi chomwe Sosten anaika pa nambala yake, galimoto yofiira ya bwana wina yomwe anaijambula ataitsuka. A Laimoni anaiyang'ana galimotoyo, akudikira kuti mwana wawo atulukemo. Anayang'ana Tisungeni. Anayang'ananso galimoto. Mawu a Sosten ankatuluka bwinobwino, akufotokoza za kuzizira kwa ku Joni, koma kwa nkhalambayo kunali zii.

"Akumva, Tisu?"

"Akumva, Achimwene."

Bandulo inayamba kukwana. Inakwanira Lamulungu, inakwaniranso madzulo a Jeffrey. Tisungeni ankadziuza kuti ndi za mwezi uno wokha. Ankadziuza kuti munthu amene amachapa mikodzo tsiku ndi tsiku akuyenera kulandirako kena kake. Ankadziuza zambiri, poti munthu akafuna kudzinamiza sasowa mboni. Koma Lamulungu akamawafunditsa chitenje bambo ake, ankapewa maso awo.

Poyamba a Laimoni ankaigwedeza foniyo ndi dzanja lamoyo, monga muja amachitira munthu ndi wailesi yakufa mabatire. Kenako anasiya. Foni ikabwera kutsogolo kwawo ankatembenuzira nkhope kukhola, n'kumaonera nkhumba. Nthawi zina ankangotsinzina. Phala la Lamulungu linayamba kubwerera kukhitchini litangolawidwa.

Zonsezi Sosten ankaziona, poti kamera ya kuno inali yoyaka. Ankaona bambo ake akumupatsa nkhongo sabata ndi sabata.

"Bambo, ndine Sosten. Bambo! Tandiyang'anani."

Nkhalamba ili duu, maso kukhola.

"Atopa chabe," ankatero Tisungeni. "Sanagone bwino."

Sosten anali ndi bala lake lomwe sankalitchula. Bambo ake atagwa sanabwere. Mapepala ake sanali bwino, ndipo akanatuluka m'dzikomo sakanabwereranso, pamene mankhwala ndi feteleza wa pakhomopo zinkachokera m'manja mwake. Anthu kumudzi anamunena, iye n'kumva. Ndiye ataona nkhongo ija sanafune womasulira. Anayamba kufupikitsa mafoni. Lamulungu lina sanayimbe, akuti kunali ntchito. Lotsatira anangotumiza uthenga wa mawu, ndipo Tisungeni anaumvera ali pamtondo.

"Tisu, usamawavutitse Bambo kuwatulutsa pamphepo. Ndaona ndekha kuti sakundifuna. Sindikuwaimba mlandu, ndinawalakwira. Bandulo ndizigulabe, uzindiuza iweyo m'mene alili."

Anaumvera kachiwiri, n'kukhala pansi pafupi ndi mtondo, manja ali lende. Chikumbumtima chinamuluma zenizeni. Anati mawa amuyimbira n'kumuuza zonse. Mawa linabwera, n'kupeza pali zochapa. Kunena zoona ankachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali china choipa kwambiri chomwe sankafuna kuchiyang'ana: tsopano bandulo yonse inali yake.

Chodabwitsa n'chakuti a Laimoni, omwe ankakana kuyang'ana foni, sanaleke kulidziwa Lamulungu. Akaona anthu akudutsa ndi mabuku a nyimbo kuchokera kutchalitchi, ankayamba kusuntha pamphasa, n'kumaloza kuseri kwa nyumba. Tisungeni ankanamizira kuti sakuona. Ankawapatsa madzi, kuwakonzera pilo, n'kutuluka.

Loweruka lina Jeffrey anayimba ali mu shati yoyera, atameta bwino. Anati walankhula ndi amalume ake ku Kasungu za ukwati, ndipo akufuna kudziwa kuti kwa a Laimoni angafikire kwa ndani. Tisungeni anaseka, analira, anamuuza kuti atembenuke aone shatiyo kumbuyo, anamuonetsa manachesi omwe anali atayamba kupsa. Za bandulo palibe anazikumbuka. Makamera onse awiri anali oyaka mpaka dzuwa linalowa, foni itatentha m'manja.

Chakumapeto Jeffrey anafunsa, "Nanga Bambo ali bwanji? Akuonanabe ndi achimwene ako? Paja anthu odwala chonchi nkhope za abale awo ndi mankhwala."

"Akuonana," anatero Tisungeni.

Atadula anafunsa zotsala pa bandulo. Zinali nyenyeswa.

M'mawa mwake anawasambitsa bambo ake monga mwa masiku onse. Powaveka malaya anaona kuti akuchita kupinda kawiri m'chiuno mwa buluku lomwe kale linkawathina. Anthu atayamba kudutsa ndi mabuku awo, nkhalamba ija siinaloze kuseri. Inangogona chagada, maso kudenga, ngati Lamulungu ndi Lachiwiri n'chimodzimodzi. Apa mpamene Tisungeni anachita mantha. Anawadzutsa mwamphamvu, pafupifupi mokalipa, n'kuwakokera pansi pa nachesi.

Anayatsa data n'kumuyimbira Sosten ya mawu okha, kuti nyenyeswa zija zisathere pa iye. Inaitana nthawi yaitali.

"Tisu? Kwagwanji? Bambo ali bwino?"

"Ali pompano. Achimwene, ndikufuna muyatse kamera."

"Ndinakuuza kale, usamawakakamize. Munthu akakukana..."

"Sanakukaneni. Bambo samva, Achimwene. Samva chilichonse, anasiya kalekale. Ankakumvani poona pakamwa panu. Chizimitsireni kamera akhala akuona galimoto yofiira basi."

Kumbali ya uko kunkamveka madzi akuthiridwa pa galimoto.

"Iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye unandiuziranji kuti ndizimitse?"

"Bandulo ndinkaifuna ineyo. Pali munthu amene ndimalankhula naye. Mundikalipire tsiku lina, ndidzamva zonse. Panopa data yatsala pang'ono. Chonde yatsani."

Tisungeni anadina pa kamera, nagwada pambali pa mpando, foni ataigwira kutsogolo kwa bambo ake ndi manja awiri kuti isagwedezeke. A Laimoni ataona foni anatembenuzira nkhope kukhola monga mwa chizolowezi. Tisungeni anachita kuwagwira chibwano n'kuwabweza, ngati mwana wokana mankhwala.

Galimoto ija inachoka. Panabwera nkhope yofuwirira pang'ono, ya munthu wovala chipewa cha ntchito, thovu la sopo lili paphewa, maso ali psuu.

Nkhalambayo inayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako dzanja lamoyo lija linanyamuka n'kugwa pa bondo. Linanyamukanso n'kugwanso. Pakamwa popotoka paja panatseguka, n'kutuluka phokoso lomwe silinali mawu, losakhala kuseka, losakhalanso kulira. Malovu anatsikira pa malaya, iwo osasamala.

"Ba-mbo," anatero Sosten, akutsegula pakamwa kwambiri, misozi ikulowa m'kamwamo. "Ndi-ne. Ndi-li-po."

A Laimoni anagwedeza mutu mwamphamvu, nalanda foniyo m'manja mwa mwana wawo wamkazi.

Tisungeni ankadziwa kuti makamera awiri akudya kawiri. Anadikira mpaka anatsimikiza kuti mchimwene wake waona zomwe anayenera kuona, kenako anaweramira pafoni. "Achimwene, ndikuzimitsa ya kuno kuti akuoneni nthawi yotalikirapo. Inu musasiye kulankhula, akukuyang'anani." Anatambasula chala n'kuzimitsa kamera yawo. Zinali zophweka chonchi kuyambira pachiyambi, ndipo kuphwekako n'komwe kunamuwawa kwambiri.

Sosten analankhula kwa bambo amene samawaonanso. Anawaonetsa ndowa yake, anawaonetsa mnzake wa ku Mwanza yemwe anabayibitsa, anayamba kufotokoza kuti Khrisimasi ikubwerayi ayesetsa. Ali pakati pa mawu, nkhope yake inauma pafoni, pakamwa pali potsegula. A Laimoni anadikira kuti milomoyo ipitirize. Foni inayesa kulumikizanso, inayesanso, kenako inadula. Pamwamba panalowa uthenga womwe Tisungeni sanafunike kuuwerenga.

Anafuna kuitenga foniyo, koma zala za bambo ake zinali zitaikanirira. Sanadziwe kuti dzanja limenelo likadali ndi mphamvu yotere. Galasi linazima, iwo ali chiyang'anire. Anagwada kutsogolo kwawo kuti awauze kuti yatha, adzaonananso, koma iwo sanachotse maso pafoni, ndiye panalibe njira yowauzira. Anangokhala pansi pa fumbi n'kutsamira mwendo wa mpando. Anaganiza za dzulo, za shati yoyera ija yomwe anaiona kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo anadzida.

Patapita kanthawi foni inanjenjemera m'dzanja la nkhalambayo, galasi n'kuwala. Anali Jeffrey. Ataona kuti pa WhatsApp sakupezeka, anayimba ya wamba.

A Laimoni anadzidzimuka, nkhope yonse n'kuyera. Anamugunda Tisungeni paphewa ndi foniyo, akuisendeza kwa iye kuti awatsegulire msanga mwana wawo asanapitenso. Anamugundanso. Foni inkalira, dzina la Jeffrey lili pagalasi, ndipo Tisungeni sanathe kuyankha, sanathenso kudula. Inalira mpaka inasiya yokha.

Apa mpamene bambo ake anamuyang'ana, osati m'maso, koma pakamwa, akudikira kuti awauze. Tisungeni anagwada bwinobwino kuti aone milomo yake, n'kunena pang'onopang'ono.

"Si Achimwene, Bambo. Imeneyo inali yanga."